Wofunsira ngongole akasiya mpata pa fomu, kompyuta tiiuze chiyani?

Fomu yofunsira ngongole ku kopaletivi imafika kwa kalaliki itayenda ulendo. Ina yapindidwa kanayi m'thumba la malaya, ina inalembedwa ndi bolopeni yotha inki, ina mwini wake anachita kumulembera mdzukulu. Kalaliki wozolowera akaiyang'ana amamva zonse, ngakhale pamene wolembayo wadumphira kunja kwa mzere. Kompyuta ilibe nzeru yotere. Imafuna kuti yankho lililonse likhale ndi dzina lake komanso malo ake, ndipo njira imene mapulogalamu ambiri amalandirira zinthu zotere ndi JSON.

JSON ndi kalembedwe chabe, kamene anakatchukitsa Douglas Crockford kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo malamulo ake a lero ali m'chikalata cha RFC 8259 cha mu 2017. Kumanzere mumalemba dzina la funso, limene amisiri amati kiyi, kenako madontho awiri, kumanja yankho. Yankholo likhoza kukhala mawu, nambala, `true` kapena `false` poyankha inde kapena ayi, mndandanda, gulu lina la makiyi, kapena `null`, kutanthauza kuti palibe. Kuphunzira zimenezi sikutenga tsiku. Pamene ntchito imaonongekera ndi pa mipata imene wofunsira sanalembepo kanthu.

Tiyeni titenge fomu imodzi yongopeka. Mayi wa ku Ntcheu, timutche kuti Uje Ujeni, akufuna K250,000. Pa tsiku lobadwa walemba 1974 basi. Nambala ya chiphaso cha unzika wailemba, koma dontho la madzi lafufuta malembo awiri apakati. Pa foni sanalembepo. Pa funso la anthu amene amawasamalira walemba 0. Pa funso loti ali ndi ngongole kwina pali timabokosi tiwiri, inde ndi ayi, ndipo sanachonge konse. Mizere ya mboni ili mbee. Fomu imeneyi ikalowa bwino imaoneka chonchi:

```json
{
  "nambala_ya_fomu": "0147",
  "dzina": "Uje Ujeni",
  "chaka_chobadwa": 1974,
  "mwezi_wobadwa": null,
  "tsiku_lobadwa": null,
  "chiphaso": null,
  "foni": null,
  "boma": "Ntcheu",
  "owasamalira": 0,
  "ndalama_mwk": 250000,
  "ngongole_ina": null,
  "mboni": [],
  "zokayikitsa": ["chiphaso"]
}
```

Onani kuti kiyi ya `foni` ilipo ngakhale kuti mayiyu sanapereke foni. Makiyi amakonzedwa kamodzi, kuchokera pa fomu yosalemba kanthu, kalaliki asanagwire fomu ya munthu aliyense. Kuyambira pamenepo fomu iliyonse imatuluka ndi makiyi 13 omwewo, olembedwa mofanana mpaka kachilembo komaliza. Zili ngati thireyi ya mazira: dzira likasowa, chibowo chake chimakhalapobe, ndipo ndi chibowocho chimene chimakuuzani kuti pasowa dzira. Mukachotsa kiyi chifukwa yankho palibe, wodzawerenga mawa sangadziwe ngati wofunsira sanayankhe, kapena kalaliki anadumpha mzere, kapena fomu ya chaka chimenecho inalibe funsolo. Pulogalamu nayo ikhoza kuima. Mu Python, kufunsa `fomu["foni"]` pamene kiyiyo palibe kumabweretsa `KeyError`, pomwe `null` imangowerengedwa ngati `None` ntchito n'kumapitirira.

Kufanana kwa makiyi kumaoneka ngati nkhani yaing'ono mpaka makalaliki atakhala awiri. Wina alemba `foni`, mnzake `Foni`, ndipo wobwera mwezi wamawa alemba `nambala_ya_foni`. Kwa ife atatuwa akunena chinthu chimodzi, koma kwa kompyuta ndi mafunso atatu osiyana, chifukwa chilembo chachikulu ndi chaching'ono imaziona ngati zosiyana. Posonkhanitsa mafomu onse pamodzi mudzapeza mizati itatu ya foni, uliwonse wodzaza pang'ono. N'chifukwa chake ambiri amalemba makiyi ndi zilembo zazing'ono zokhazokha, opanda mpata pakati pa mawu. Kaya makiyiwo ali m'Chichewa kapena m'Chingerezi, JSON ilibe nazo kanthu. Chimene sichiloledwa pa ntchitoyi ndi kusintha pakatikati.

Tsopano pa mpata weniweniwo. Pa fomu ya Mayi Uje pali zinthu zingapo zimene munthu wofulumira angazitche zonse kuti "palibe", koma si zofanana.

Pa `owasamalira` pali 0 chifukwa iwo analemba 0 ndi dzanja lawo. Limeneli ndi yankho. Akanasiya osalemba, pakanakhala `null`. Kusiyanaku kumaonekera pa masamu. Tinene kuti mafomu anayi ali ndi 4, 6, 2, ndipo yachinayi sinayankhe. Mukaika `null` pa yachinayi, pulogalamu yolembedwa bwino imaisiya pambali, imagawa 12 ndi 3, ndipo imapeza kuti munthu aliyense amasamalira anthu 4. Mukaikapo 0, imagawa 12 ndi 4 n'kupeza 3. Palibe amene wanama mwadala, koma lipoti lapita kwa akuluakulu ndi nambala yolakwika, ndipo palibe chizindikiro chilichonse choti yalakwika.

Pa `ngongole_ina` m'pamene pali poterera kwambiri. Bokosi losachonga limaoneka ngati ayi, ndipo dzanja limathamangira kulemba `false`. Koma mayiyu sananene kuti alibe ngongole. Mwina sanaone funsolo, mwina analidumpha dala chifukwa ngongoleyo ilipo. Kalaliki akalemba `false`, wamuyankhira munthu pa funso limene komiti idzagamulirepo za ndalama. Mabokosi onse awiri akachongedwa, yankho ndi `null` yemweyo, koma kiyiyo ilembedwenso pa mndandanda wa zokayikitsa.

Mndandanda umenewu ndi umene umasiyanitsa foni ndi chiphaso. Zonse ziwiri zili ndi `null`, koma foni sinalembedwe, pomwe chiphaso chinalembedwa ndipo sichikuwerengeka. Choyambacho n'chofunsa mwini wake, chachiwiricho mwina chingathe pongoyang'ana fotokope ya chiphaso yomwe ili m'fayilo. Makalaliki ena amalemba mawu oti "sichikuoneka" m'malo mwa yankho. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa pulogalamu idzatenga mawuwo ngati nambala ya chiphaso, ndipo poona ngati pali munthu amene wafunsira kawiri idzapeza anthu makumimakumi okhala ndi chiphaso chimodzi chotchedwa "sichikuoneka". Vuto lomweli limabwera ndi `"N/A"`, kamzere, ngakhalenso `"null"` woikidwa m'zizindikiro zogwira mawu, amene kwa kompyuta ndi mawu wamba a zilembo zinayi.

Nanga `""`, zizindikiro ziwiri zopanda kanthu pakati? Maofesi ena amagwiritsa ntchito zimenezi pa mpata uliwonse, makamaka ngati pulogalamu yolandira imafuna mawu okhaokha. Si tchimo, bola mugwirizane chimodzi ndi kuchilemba poti aliyense aone. Komabe `null` ili ndi ubwino woti imakwanira pa mawu, pa nambala ndi pa inde kapena ayi, pamene `""` ikaikidwa pa malo a ndalama imasokoneza mapulogalamu ambiri owonkhetsa. Pa mboni taika `[]`, mndandanda wopanda kanthu, kuti malo amene amakhala mndandanda akhalebe mndandanda pa fomu iliyonse.

Za tsiku lobadwa n'zodziwika kwa aliyense amene anagwirapo mafomu a kumudzi. Achikulire ambiri amadziwa chaka chokha. Fomu ikakhala ndi kiyi imodzi yofuna tsiku lathunthu, kalaliki amakakamizika kupeka, ndipo amapeka 1 Januwale. N'chifukwa chake pamwambapa tagawa chaka, mwezi ndi tsiku. Pamene tsiku lathunthu limapezeka nthawi zonse, monga tsiku lolandirira fomu, lembani chaka poyamba motsatira ISO 8601. Munthu wa kuno akalemba 03/04/2024 akunena 3 Epulo, koma pulogalamu yotsatira kalembedwe ka ku America idzawerenga 4 Malichi. `"2024-04-03"` sisokoneza aliyense.

Pali manambala ena amene si owerengera. Foni ya m'manja ku Malawi ili ndi manambala khumi ndipo imayamba ndi 0. JSON siilola nambala yathunthu yoyamba ndi 0 kutsogolo kwa manambala ena, ndipo Excel imangochotsa ziroyo mwakachetechete. Choncho foni, chiphaso ndi nambala ya fomu zimalembedwa ngati mawu, monga `"0147"` uja. Ndalama zokha ndiye zimalembedwa ngati nambala, popanda K ndi popanda koma, ndipo mtundu wa ndalamayo umakhala pa kiyi. Nambala ya chiphaso cha unzika imasakaniza zilembo ndi manambala, ndiye pa cholembedwa ndi dzanja O ndi 0, S ndi 5, B ndi 8 zimafanana. Makina owerenga zithunzi za malemba, a OCR, amachita bwino pa zotayipa kusiyana ndi zolemba pamanja, ndipo choopsa chawo n'chakuti akalephera nthawi zambiri amabweretsabe chilembo china chooneka ngati cholondola. Pa malo otere njira yakale ikugwirabe ntchito: anthu awiri alowetse fomu yomweyo aliyense payekha, kompyuta ionetse pamene asiyana, ndipo wachitatu akayang'ane pa pepala.

Kuti mudziwe ngati fayilo yalembedwa motsatira malamulo, lamulo limodzi likukwanira:

```
python -m json.tool fomu_0147.json
```

Likapeza koma wotsalira pambuyo pa yankho lomaliza, kapena chizindikiro chosatsekedwa, limatchula mzere wake. Koma silidziwa kuti kiyi ina yasowa. Imeneyo ndi ntchito ya JSON Schema, mmene mumandandalika makiyi onse pansi pa `required`, n'kuika `"additionalProperties": false` kuti kiyi yachilendo ikanidwe, komanso `"type": ["string", "null"]` kuti foni iloledwe kukhala mawu kapena palibe. Dziwani kuti `required` imangofuna kuti kiyi ipezeke, siletsa `null`, ndipo n'zimene tikufunazo.

Zolakwa zotsala zimagwidwa powerenga mafomu ambiri pamodzi. Anthu obadwa pa 1 Januwale akachuluka modabwitsa, wina akupeka masiku. Mafoni a manambala asanu ndi anayi ndiye kuti ziro inadyedwa panjira. Maboma a m'Malawi ndi 28, choncho mukapeza mayina oposa pamenepo, mwina Ntcheu ndi Ncheu zalowa ngati maboma awiri, kapena Nkhata Bay yalembedwa mitundu ingapo. Ndipo ngati mafomu a kalaliki mmodzi alibe `null` ngakhale mmodzi pa `ngongole_ina` pamene a anzake ali nawo, tengani mafomu ake angapo, mutsatire `nambala_ya_fomu` mpaka m'kabati, muone ngati mabokosiwo anachongedwadi.