Minofu Iwiri Yosinthana Ntchito pa Bondo

Mnofu umadziwa kukoka basi, kukankha sutha. Ukafupika n'kukoka fupa, sungathe kulibweza pomwe linali. N'chifukwa chake bondo lili ndi magulu awiri a minofu, lina kutsogolo kwa ntchafu, lina kumbuyo.

La kutsogolo, lomwe achipatala amati kwadirisepusi, lili ndi minofu inayi. Yonse imakumana pa mtsempha umodzi wolimba umene umadutsa pa kafupa ka kutsogolo kwa bondo n'kukagwira fupa la msongolo. Ikafupika, mwendo umawongoka. La kumbuyo, hamusitiring'i, lili ndi minofu itatu yochokera ku fupa lomwe timakhalira, kunsi kwa thako, kukafika mmunsi mwa bondo, ndipo ikafupika bondo limapindika.

Khalani pampando, dzanja lina pamwamba pa ntchafu, lina kunsi. Wongolani mwendo: pamwamba palimba, kunsi kuli lende. Tsopano pondani pansi n'kukokera chidendene kumbuyo, osachisuntha: kunsi ndiye kwalimba. Mnofu womwe ukugwira ntchitoyo amautcha agonisiti, wotsutsana nawo antagonisiti, ndipo maudindowa amasinthana malinga ndi zomwe mwendo ukuchita. Kumasuka kwa winawo sikuchitika mwangozi. Uthenga wolamula mnofu wina kukoka umayendera limodzi ndi wina, wodzera mu msana, wouza mnzakeyo kuti alekerere.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi apa. Amaganiza kuti bondo likapindika ndiye kuti minofu ya kumbuyo ndiyo ikugwira ntchito. Si nthawi zonse. Mukamakhala pansi pang'onopang'ono, kapena mukamatsika phiri la Mulanje, chopinda bondo ndi kulemera kwa thupi lanu. Imene ikuvutika ndi ya kutsogolo, yomwe ikutalika uku ikukana kuti musagwe, ngati munthu wotsitsa ndowa yodzaza m'chitsime akugwira chingwe zolimba. Ntchito yotereyi imapweteketsa minofu kuposa kukwera, ndipo ululu wake umakula pakapita tsiku limodzi kapena awiri, kutsogolo kwa ntchafu.

Ya kumbuyo nayo imagwira mabuleki, ndipo m'pamene imavulala kawirikawiri. Wosewera mpira akatchaya liwiro, mwendo umaponyedwa kutsogolo mwamphamvu, ndipo phazi lisanaponde pansi hamusitiring'i iyenera kuuletsa ili yotambasuka kale. Poti imachepa mphamvu poyerekeza ndi ya kutsogolo, ikatopa imatha kung'ambika. Munthu amamva kubaya kwadzidzidzi kumbuyo kwa ntchafu, n'kugwirapo akutsimphina, ndipo nthawi zina khungu limada ndi magazi pakapita masiku. Kutha kwa ululu sikutanthauza kuti mnofu wachira, ndipo obwerera msanga m'bwalo amavulala pomwe pomwepo.

Zimandidetsa nkhawa kuona achinyamata akungolimbitsa kutsogolo kwa ntchafu chifukwa ndiko kumaoneka. Kumbuyo kumalimbitsidwa chonchi: gwadani pofewa, mnzanu agwire akakolo anu, ndiye muziweramira kutsogolo pang'onopang'ono, thupi lili chiwongokere kuyambira m'mawondo, mpaka mutatchinjiriza ndi manja pansi. Oyamba kumene achite kochepa, chifukwa mawa lake ntchafu zimawawa ndithu.