Thanki ili kudimba, uthenga ufike kunyumba

Tiyerekeze mlimi wothirira amene thanki yake ya madzi ili kudimba, makilomita 3 kuchokera kunyumba, kumalo kumene netiweki ya foni imachita kusakidwa. Akufuna kudziwa ngati madzi alimo asanapalase njinga. Kachipangizo koyeza madzi, kamene amisiri amati sensa, n'kosavuta kukapeza. Nkhani yagona pa momwe nambala imene kayezayo ingafikire kunyumba.

Apa ndi pamene wailesi ya LoRa imagwira ntchito. Luso limeneli linayambira ku Grenoble, m'dziko la France, kukampani ya Cycleo imene Semtech inaigula mu 2012. Silifuna simukhadi kapena bandulo, koma limanyamula zochepa kwambiri: manambala angapo basi. Za chithunzi kapena mawu, iwalaniko.

Zipangizo zimakhala mbali ziwiri. Kudimba kuli sensa, kabolodi ka ESP32 kokhala ndi wailesi ya SX1276, batire ndi kasola kakang'ono. Kunyumba kuli kabolodi kofanana nako, kolandira uthenga n'kuuonetsa pakasikirini. Pogula onetsetsani kuti zonse ziwiri n'za mafunde amodzi, chifukwa pamsika pali za 433, 868 ndi 915 MHz, ndipo ya 433 singamvane ndi ya 868. Mafunde ololedwa amasiyana dziko ndi dziko. Ku Malawi ofunsa ndi a MACRA.

Ambiri akaona kuti uthenga sukufika amathamangira kuwonjezera mphamvu ya wailesi. Nthawi zambiri vuto silikhala mphamvu, limakhala kufupika kwa pamene aika eriyo. Mafundewa sayenda ngati ulusi woongoka ayi, amafuna mpata wofufuma pakati pa ulendo. Pa 868 MHz ndi mtunda wa makilomita 3, mpatawo pakatikati umatsika mamita pafupifupi 16 pansi pa mzere wolumikiza maeriyo awiriwo, ndipo mamita 10 mwa amenewa ayenera kukhala opanda chotchinga. Ndi alimi ochepa amene angaimike mlongoti wotero, ndipo LoRa imapirira ndithu kutchingidwa pang'ono, koma mita iliyonse imene mwakweza imapindula. Eriyo ya kudimba imangidwe pamwamba pa nsanja ya thanki, ya kunyumba pansungwi yopitirira denga. Kuisiya m'nyumba yamalata ndiye kuitsekera dala. Zonse ziwiri ziime chilili, ndipo musayatse wailesi eriyo isanalumikizidwe, mungaiwononge.

Pali msampha wina wa nyengo. Mukayesa mu Okutobala, minda ili mbee ndipo mitengo yambiri yayoyola masamba, uthenga udzafika bwinobwino. Pofika Febuluwale chimanga chapitirira munthu, mitengo yabiriwira, ndipo masamba onyowa amameza mafunde. Choncho poyesa musakhutire kuti wafika. Onani kuti wafika ndi mphamvu yotani. Cholandira chimaonetsa nambala yotchedwa RSSI. Ikakhala cha m'ma -100 dBm muli ndi potsamira, koma ikamayandikira -120 m'chilimwe, dzinja lidzakudulani.

Eriyo ikakwezedwa koma n'kumaperewerabe, ndiye mpamene mungasinthe liwiro lotumizira, limene limayambira SF7 mpaka SF12. Zili ngati kuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje: ukamatchula mawu pang'onopang'ono amakumva bwino, koma umatenga nthawi. Pa SF7 wailesi imamva mpaka cha pa -123 dBm, pa SF12 mpaka cha pa -137. Mtengo wake ndi batire. Kauthenga ka mabayiti 10 kamene pa SF7 kamatha m'mamilisekondi pafupifupi 40, pa SF12 kamadya pafupifupi sekondi yathunthu. Kwa ine, pamtunda ngati uwu, SF9 kapena SF10 ndi poyambira pabwino. Mbali zonse ziwiri zitcheredwe mofanana. Kupanda kutero sikirini ingokhala duu ngakhale zipangizo zitagundana patebulo limodzi.

Thanki siuma m'kamphindi, motero sensa izidzuka pa mphindi 15 zilizonse, iyeze, itumize, igonenso. Uthengawo ungaoneke chonchi:

```
217,62,3.9
```

Nambala yoyamba ikuwerenga mauthenga, yachiwiri ikuti madzi ali pa maperesenti 62, yachitatu ndi mavoti a batire. Ziwiri za m'mbalizo ndizo zimaulula matenda. Ngati pambuyo pa 217 pabwera 221, chipangizo chili moyo koma mauthenga atatu atayika m'njira, choncho yang'anani eriyo. Ngati kuwerengako kukumabwerera pa 1, kabolodi kakuzima n'kuyakanso, ndipo kawirikawiri ndi waya wokhwepa kapena batire lofooka. Mavoti akamatsika tsiku ndi tsiku kulowera ku 3.4, kasola kachita fumbi kapena kali pamthunzi.

Chomaliza chimene ambiri amaiwala ndi chakuti cholandira chizionetsa nthawi imene uthenga womaliza unafika. Popanda zimenezi, wailesi ikafa sikirini ipitiriza kunena kuti 62, pamene thanki inauma dzana.