Chingerezi chosalala, mwini wake osaoneka

Chaka chilichonse Amalawi amapikisana nawo pa thandizo la maphunziro la Chevening, lomwe boma la Britain lakhala likupereka kuyambira mu 1983 kwa ofuna digiri ya masitazi ya chaka chimodzi. Wofunsira amayenera kukhala atagwirako ntchito maola 2,800, ndipo amalemba nkhani zinayi zofotokoza utsogoleri wake, luso lake lomanga ubale ndi anthu, chifukwa chomwe wasankhira maphunzirowo, komanso zomwe adzachite akadzabwerera kwawo.

Nkhanizi zimayamba zadutsa m'manja mwa komiti yowerenga. Chomwe chimawatopetsa owerenga otere si Chingerezi chothyoka ayi, koma nkhani yosalala bwino, yopanda cholakwika ngakhale chimodzi, imene ukaimaliza sudziwa kuti wailemba ndani.

Tiyerekeze namwino wa pachipatala chaching'ono chakumudzi. Iye walemba kuti ndi mtsogoleri wodzipereka, wofunitsitsa kutukula umoyo wa amayi ndi ana. Mawuwa ndi abwino, koma namwino aliyense atha kuwasainira. Wowerenga amapereka malikisi potsatira umboni, ndiye apa alibe pogwira. Namwino yemweyo akanalemba kuti anaona amayi oyembekezera akujomba kusikelo chifukwa inkachitika tsiku la msika, kuti anakambirana ndi mafumu ndi alangizi a zaumoyo, kuti mkulu wa chipatala anayamba wakana, ndipo tsikulo litasinthidwa mayina m'kaundula anachuluka, wowerenga akanaona vuto, chomwe munthuyo anachita, ndi zotsatira zake.

Nanga mwini nkhani amasowa bwanji? Ena amatengera zomwe analemba anzawo amene anapambana kale, ena amalipira wowalembera. Koma nthawi zambiri nkhani imangodutsa m'manja ambiri. Mphunzitsi akonza galamala, mlamu wa kutauni achotsa za tsiku la msika poti n'zachimidzi, ndipo chotsala ndi mawu akuluakulu okhaokha.

Palinso chifukwa china chomwe komiti iyenera kuchimvetsa. Ife tinaleredwa kuti kudzitama n'kupanda mwambo, choncho ambiri amalemba "tinachita" ngakhale pamene ntchitoyo anaiyambitsa okha. N'chifukwa chake nkhani yopanda mwini si umboni wokwanira wakuti munthu wabera. Imangosonyeza kuti papepalapo palibe choti apatsirepo malikisi.

Zoona zake zimadziwika pa mafunso a pamasom'pamaso, omwe osankhidwa amakayankha ku ofesi ya kazembe wa Britain. Kumeneko amatenga chiganizo cha m'nkhani ija n'kufunsa kuti zinachitika liti, anatsutsa ndani, nanga inuyo munatani. Amene anagwiradi ntchitoyo amayankha mosavuta, mwinanso bwino kuposa momwe analembera. Wolemberedwa amangobwereza mawu omwe ali papepala, ndipo akafunsidwa kachiwiri amasowa chowonjezera.