Rezisita ziwiri pakati pa sensa ndi bolodi

Munthu wofuna kudziwa pamene madzi afika m'thanki osakwera pamwamba, kawirikawiri amagula kachipangizo kotchedwa HC-SR04. Kali ndi timaso tiwiri: kena kamatulutsa kaphokoso koti khutu la munthu silingamve, kena kamadikira kuti kaphokosoko kagunde pamadzi n'kubwerera. Nthawi ya ulendowo ndiyo imasonyeza mtunda. Sensayi imayendera magetsi a mavoliti 5, ndipo pa Arduino Uno, yomwenso ndi ya mavoliti 5, mumangolumikiza mawaya anayi, basi. Nkhani imasintha mukapita nayo pa ESP32 kapena Raspberry Pi, chifukwa mapini a mabolodi amenewa ndi a mavoliti 3.3.

Zipangizozi zimauzana zinthu ziwiri zokha, 1 ndi 0. Waya akakhala wopanda magetsi ndiye 0, magetsi akakwera ndiye 1. Kusiyana kuli pa kukwerako: sensa ikati 1 imatulutsa mavoliti 5, bolodi ikati 1 imatulutsa 3.3. Choncho pa waya aliyense muyambe mwadzifunsa kuti wolankhula ndani, womvera ndani.

Pa pini yolembedwa Trig, yolankhula ndi bolodi, kuuza sensa kuti iyambe kuyeza. Mavoliti 3.3 amakwana kuti sensa imve kuti 1 wafika, ndiye apa waya wamba ndi wokwanira. Pa Echo ndi pamene pali msampha. Apa ikulankhula ndi sensa, ndipo mavoliti ake 5 akulowa pa pini ya ESP32 imene malire ake ndi 3.6.

Chopusitsa n'chakuti ukalumikiza mwachindunji, zinthu zimayenda bwinobwino poyamba, manambala n'kumaoneka. N'chifukwa chake mudzapeza anthu olumbira kuti palibe vuto. Ine sindiwamvera. Chitetezo chimene chili mkati mwa pini anachipangira magetsi obwera mwangozi kwa kanthawi, osati obwera mobwerezabwereza usana ndi usiku. Pini ikafa imangowerenga 1 kapena 0 kosalekeza ngakhale mutatani, nthawi zina chipu n'kumatentha, ndipo siikonzeka.

Mankhwala ake ndi rezisita ziwiri zogawana magetsiwo. Yoyamba, ya maomu 1000, ichoke pa Echo kupita pa pini ya bolodi. Yachiwiri, ya maomu 2000, ichoke pa pini yomweyo kupita ku GND. Magetsi amagawika molingana ndi kukula kwa rezisita, ndiye yam'munsiyo imatenga magawo awiri mwa atatu:

```
5 × 2000 / (1000 + 2000) = 3.33
```

Ya 2000 ikasowa, ya 1800 ipereka mavoliti 3.21, ya 2200 ipereka 3.44, zonse zili m'malire.

Samalani ndi mizere ya utoto. Rezisita ya 1000 ili ndi mzere wabulauni, wakuda ndi wofiira. Ya 2000 ili ndi wofiira, wakuda ndi wofiira. Powala pang'ono bulauni ndi kufiira zimangofanana. Mukazisinthanitsa, pa pini padzafika mavoliti 1.67 okha. Palibe chingapse, koma ESP32 imafuna pafupifupi 2.5 kuti itsimikize kuti ndi 1, ndiye pulogalamu idzangodikira yankho losabwera kapena kupereka mitunda yosamveka, inu n'kumatukwana sensa yosalakwa. Yesani ndi mita musanalumikize bolodi, koma osati pa Echo penipeni, poti magetsi ake amangophethira ndipo mita siingawagwire. Ikani nsonga yam'mwamba pa mavoliti 5 okhazikika, muyeze pakati pa rezisita ziwirizo. Onetsetsaninso kuti GND ya sensa ndi ya bolodi ndi zolumikizana, apo ayi manambala onsewa alibe poyambira.

Njirayi imagwira pamene uthenga ukulowera kumodzi, kuchoka pa 5 kutsikira pa 3.3. Rezisita sizikweza magetsi. Sensa ya 3.3 ikamalankhula ndi Uno zimangoyenda mwamwayi pang'ono, chifukwa Uno imayamba kutsimikiza 1 pa mavoliti 3.0, ndipo danga lotsalapo ndi lochepa.

Palinso masensa a I2C, amene pa waya wawo wa SDA bolodi ndi sensa zimalankhula mosinthana. Apa pamafunika kabolodi kosinthira magetsi mbali zonse ziwiri, kamene kawirikawiri kamakhala ndi tiranzisita ya BSS138 pa njira iliyonse. Mbali yolembedwa HV ipatseni mavoliti 5, ya LV muipatse 3.3, GND ikhale imodzi. Kabolodika sikapanga kokha magetsi a 3.3, ndipo mukasiya LV osalumikiza, uthenga sudutsa monga mmene uyenera kudutsira.