Parafini akatha, nkhani yathanso

Alembi ambiri ongoyamba kumene amakonda kulemba za mwana wa kumudzi amene akuwerenga ndi nyali pokonzekera mayeso a boma. Vuto lake ndi lakuti nkhani zambiri zotere zimafanana: mwana anali wosauka, analimbikira, anakhoza. Wowerenga amadziwiratu mathero asanamalize ndime yoyamba. Chimene chimapulumutsa nkhani yotere ndi nyaliyo, mlembi akaidziwa bwino.

Tiyerekeze mpangankhani wathu ndi mtsikana wa Fomu 4 pasekondale yoyendera. Mayeso a MSCE, omwe amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, amalembedwa m'nyengo yozizira, choncho mtsikanayu wafunda chitenje, wakhala pamphasa, makope ali pamiyendo. Mawa kuli Chingerezi, ndipo akudziwa kuti wolephera phunziro limeneli satenga satifiketi ngakhale atakhoza maphunziro ena onse. Mantha ake ali ndi chifukwa chenicheni.

Nyali yake ndi koloboyi, kachitini kokhala ndi chingwe chansalu koma kopanda galasi. Kamphepo kakalowa pansi pa chitseko, lawi limagwedezeka ndipo zilembo zimasokonekera. Akakweza chingwe kuti kuwale, utsi umachuluka, maso amalira, parafini amathanso msanga. Akachitsitsa, parafini amakhalitsa koma zilembo sizioneka. Apa ndi pamene pagona kulimbana kwa nkhaniyi. Nyali yasanduka wotchi, ndipo tsamba lililonse lili ndi mtengo wake.

Nkhani yaifupi siisowa anthu ambiri. Awiri akwana, usiku umodzi, chipinda chimodzi. Amayi ake adzuke pakati pa usiku, anyamule nyaliyo, aigwedeze pafupi ndi khutu n'kunena kuti, "Mwanawe, watsala wa mawa yekha." Mtsikanayo ayankhe motsitsa mawu, "Amayi, ndingomaliza mutu uwu." Mlembi asawonjezere kuti banjali ndi losauka. Kugwedeza nyali kuja kwanena kale.

Pampondachimera pafike pamene wina wasankha chinthu chomupweteka. Mwina amayi atulutsa botolo la parafini lomwe amasungira tsiku la matenda, n'kuthira theka lake mwakachetechete. Mwinanso mtsikanayo wazimitsa yekha nyali, n'kuyamba kubwereza pamtima mumdima zomwe wawerenga.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati nkhani yalakwika. Chotsani nyali m'nkhaniyo, muikemo getsi. Ngati palibe chimene chasintha, ndiye kuti nyaliyo inali yongokongoletsera.

Mathero asathamangire tsiku lotuluka zotsatira, pakuti limenelo lili kutali ndi miyezi ingapo ndipo ndi nkhani ina. Nkhaniyi ithere m'mamawa. Mtsikana uja akusamba kumaso, akupukuta mwaye wakuda m'mphuno, watenga chiphaso chake cholowera m'chipinda cha mayeso. Amayi aimirira pakhomo, m'manja muli koloboyi yopepuka.