Kalaliki wa mu kanema asaipitsitse

Mayi wafika pa kauntala ya banki mtima uli m'mwamba. Makina a ATM amudula K80,000, uthenga wabwera pafoni, koma ndalama sizinatuluke. Nkhani yotereyi ndi imene olemba makanema ophunzitsira antchito a banki amaikonda, chifukwa kalaliki aliyense adzakumana nayo ndithu.

Wolemba amagawa tsamba pawiri. Kumanzere amalemba zimene diso lione, kumanja zimene khutu limve. Chochitika chimodzi chimangofuna mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo chimaseweredwa kawiri: koyamba kalaliki akulakwitsa, kachiwiri akuchita bwino. Pakati pake kanema amaima kuti ophunzira akambirane.

Ambiri amagwa pa gawo loyambali. Amalemba kalaliki wamwano, wotafuna chingamu, wokalipira kasitomala. Ophunzira amaseka n'kunena kuti iwo sangachite zotero, ndiye phunziro lathera pomwepo. Zolakwa zenizeni zimakhala zazing'ono. Kumanzere kulembedwe kuti maso a kalaliki ali pa kompyuta, sanadzutse mutu. Kumanja iye anene mwaulemu ndithu kuti, "Ndi netiweki imeneyo mayi, zibwerera zokha." Kenako atchule mokweza ndalama zotsala mu akaunti, anthu a pamzere akumva. Sanatukwane munthu, komabe walakwa patatu: sanamvetsere, walonjeza chimene sanafufuze, waulula chinsinsi cha kasitomala. Ophunzira akakhala kaye chete asanayankhe, gawolo lagwira.

Pobwereza, mawu a mayi uja asasinthe ngakhale limodzi, ndipo asafewe msanga. Wosintha ndi kalaliki yekha. "Pepani mayi. Zachitika liti, pa makina ati?" Apemphe chiphaso cha unzika, aone sitetimenti, athandize kulemba fomu ya dandaulo, apereke nambala yolondolera nkhaniyo. Ndalama zotsala azilembe pakapepala. Funso la makina lija si lokongoletsa: ngati ndi a banki ina, nkhani imadutsa m'mabanki awiri ndipo imachedwerapo. Mayi akayamba kutchula nambala yake yachinsinsi, kalaliki amudule mwaulemu, pakuti nambalayo sauza munthu, ngakhale wa banki.

Masiku obwezera ndalama wolemba asapeke. Awatenge m'malamulo a bankiyo, ndipo oona za malamulo awerenge sewero lonse kamera isanayatsidwe. Maina ndi manambala a akaunti ooneka pa kompyuta akhale opeka.

Chotsala n'kupatsa makalaliki enieni kuti awerenge mokweza. Pamene lilime lapunthwa, chiganizocho n'cha m'buku la malamulo, chilembedwenso. Iwowa ndi amene amadziwanso pamene kasitomala amasiya Chingerezi n'kuyamba Chichewa mkwiyo ukakula, ndiponso kuti wina sachoka pa kauntala mpaka aonane ndi manijala.