Kukonza Sitolo ya pa Intaneti Khirisimasi Isanafike

Kumayiko a ku Ulaya ndi ku Amereka, malonda a Khirisimasi amayamba kutentha pa Black Friday, tsiku lotsatira Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala. Koma amene amagulitsa pa Etsy, msika wa pa intaneti wa zinthu zopanga pamanja, sadikira tsikulo. Ntchito yokonza mitu, zithunzi ndi mawu ofufuzira amaigwira mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, chifukwa pamafunika milungu ingapo kuti munthu aone ngati zomwe wasintha zathandiza kapena zaononga.

Tiyerekeze mayi wina wa kwathu kuno amene akukhala ku Mangalande ndipo amasoka zikwama za chitenje. Mutu wa katundu wake analemba kuti "Chitenje Bag". Sanalakwe, koma wogula wa ku London sadziwa dzina limeneli. Iye akafuna chikwama chotere amalemba "african print tote bag" kapena "ankara bag", ndipo makina ofufuzira amamubweretsera katundu yemwe ali ndi mawu omwewo. Mayi wathuyu ndiye kuti sakuoneka n'komwe, ngakhale atasoka bwino chotani.

Etsy imalola zilembo 140 pa mutu, koma kudzaza zonsezo si nzeru. Ambiri amagula pa foni, ndipo pa foni pamaoneka mawu oyambirira okha, enawo amadulidwa. Choncho choyamba chikhale dzina la chinthucho, kenako mtundu wake, nsalu yake ndi chomwe chikuchisiyanitsa ndi zina. Mutu watsopano ungakhale "African Print Tote Bag, Blue Chitenje Cotton, Zip Pocket". Dzina la chitenje lilipobe, langosunthira pakati.

Nanga za mphatso zilowa pati? Zimalowa m'mawu ofufuzira, omwe pa Etsy amalembedwa kuti Tags. Katundu aliyense ali ndi malo 13, ndipo malo aliwonse amalandira zilembo 20 basi, kuwerenga ndi mipata yomwe. Ndiye "african print tote bag" sikwana, popeza ndi zilembo 22, pomwe "african print tote" ndi 18. Ambiri amaononga malowa poika mawu amodziamodzi ngati "bag" kapena "gift", omwe amawaponya pakati pa chinamtindi cha ogulitsa anzawo. Nyengo ikayandikira, mayiyu achotse mawu awiri kapena atatu omwe sanamubweretsere munthu chaka chonse, aikepo "gift for sister" kapena "christmas gift mum". Kuti adziwe ochotsawo, atsegule Shop Manager, apite pa Stats, aone mawu omwe anthu analemba mpaka kufika pa katundu wake. Ena amabisamo mayina a makampani otchuka a zikwama pofuna kukopa anthu. Eni dzina akadandaula, katunduyo amachotsedwa pa msika, nthawi zina pakati penipeni pa malonda.

Pa zithunzi, choyamba ndicho chimagwira ntchito yaikulu, chifukwa ndicho chimaoneka kakang'ono pakati pa zina zambirimbiri. Chijambulidwe pa kuwala kwa pawindo, kumbuyo kopanda zosokoneza, ndipo m'mbali musiye danga poti chithunzicho chimadulidwa. Ine sindikonda kuona chikwama chitakwiriridwa m'nyali ndi maluwa a Khirisimasi. Chitenje chili ndi mitundu yake kale, ndipo wogula amayamba kudabwa kuti chikugulitsidwa n'chiti. Chithunzi cha chikwama chitakulungidwa ngati mphatso chikhale chachitatu kapena chachinayi, pamodzi ndi choonetsa m'kati ndi china cha munthu atachikoleka paphewa kuti kukula kwake kudziwike.

Chovuta kwambiri n'kudziwa chomwe chikudwala. Ngati pa mwezi anthu otsegula tsamba la chikwamacho ndi ochepa, vuto lili pa mutu, pa mawu ofufuzira kapena pa chithunzi choyamba. Koma tiyerekeze kuti atsegula anthu 300 ndipo palibe wagula. Apo mawu agwira kale ntchito yawo, ndipo kuwasintha n'kutaya nthawi. Anthu afika, aona, abwerera. Mwina zithunzi zinazo sizikuyankha mafunso awo, mwina mtengo wotumizira wawaopsa, mwinanso tsiku lomwe katundu adzafike likuoneka kuti lidutsa pa 25 Disembala.

N'chifukwa chake mayiyu asasinthe zonse tsiku limodzi. Akasintha mutu, mawu ndi chithunzi pamodzi, malonda n'kutsika, sadzadziwa chobwezeretsa. Ayambe wakopera mawu akalewo penapake, asankhe zikwama zitatu zomwe zikuyenda pang'onopang'ono, asinthe mitu yokha, adikire milungu iwiri kapena itatu, kenako agwire zithunzi. Chikwama chomwe chikugulidwa kale sabata ndi sabata achisiye momwe chilili, chifukwa makina a Etsy amaganizira mmene ogula achilandirira poika katundu patsogolo, ndipo mawu omwe alipowo ndiwo akubweretsa anthu. Pa chimenechi angoonetsetsa kuti nambala ya zomwe zatsala ndi yoona, komanso kuti masiku osokera omwe analemba akugwirizana ndi mphamvu za makina ake amodzi m'mwezi wa Disembala.